Katundu wasowa kapena wasweka ali m'manja mwa kuriya: amabweza zingati, nanga mungazipeze bwanji?

Dandaulo ili limamveka kawirikawiri pakati pa amalonda a mu Lilongwe, kaya ndi a mashopu a mu msewu wa Malangalanga kapena ogulitsira pa foni ali kunyumba ku Kawale. Munthu watumiza katundu wa ndalama zoposa miliyoni kupita ku Mzuzu kapena ku Blantyre, katunduyo wasowa kapena wafika wosweka, kampani yonyamula yavomera kuti vuto lachitikira m'manja mwake, koma ndalama imene ikufuna kubweza ndi yochepa moti singagule ngakhale theka la zimene zatayika. Wotumiza amaona ngati waberedwa kawiri. Kampani nayo imatulutsa lisiti n'kuloza pamene iye anasayina ndi dzanja lake.

Mkangano wotere umayambira pa funso limodzi limene kalaliki amafunsa pa kauntala, katoni ili pa sikelo: "Muli chiyani umu, ndipo ndi za ndalama zingati?" Ambiri amayankha mothamanga, ena amachepetsa dala kuti asalipire zambiri, ena amangoti "ndi zovala basi" pomwe mkati muli foni. Yankho limenelo likalembedwa, ndi limene lidzagwiritsidwe ntchito tsiku limene katundu wasowa. Ndalama ya chipukuta misozi imadulidwa tsiku lotumiza, pamene aliyense akumwetulira, ndipo tsiku lodandaula munthu amangotolera zimene analemba yekha.

## Mtengo wolengeza ndi chiyani?

Makampani onyamula maphukusi mwachangu, amene ambiri timangowatchula kuti kuriya, amapereka pepala lotchedwa weyibilu. Ena amangoti lisiti, koma ndi loposa lisiti wamba, chifukwa ndi umboni wa mgwirizano pakati pa wotumiza ndi kampani. Pamakhala nambala yolondolera katundu, mayina a wotumiza ndi wolandira, kulemera kwa phukusi, zimene zili mkati, ndi kabokosi ka mtengo wa katunduyo. Pa sikirini ya kalaliki kapena pa fomu ya pa intaneti kabokosi kameneka kamalembedwa kuti `Declared value`. M'nkhani ino tizikatchula kuti mtengo wolengeza, kutanthauza ndalama imene mwini katundu wanena yekha kuti ndiyo mtengo wa zimene watumiza.

Anthu ambiri amaganiza kuti mtengo wolengeza ndi lonjezo, kuti ukalemba K800,000 ndiye kuti katundu akasowa ulandira K800,000. Sizili choncho. Mtengo wolengeza ndi denga: kampani singalipire kupyola pamenepo, koma ikhoza kulipira zochepera. Pofuna kudziwa zobweza, amaika manambala atatu pamodzi n'kutenga yaing'ono kwambiri. Yoyamba ndi mtengo umene munalengeza. Yachiwiri ndi mtengo weniweni wa katunduyo pa tsiku lotumiza, umene mungautsimikize ndi malisiti. Yachitatu ndi malire a katundu wolengezedwa amene kampani inalemba mu mfundo zake, zija za timalemba ting'onoting'ono kuseri kwa weyibilu kapena pa chikwangwani cha pa khoma.

Zili ngati kutunga madzi ndi ndowa zitatu zosiyana kukula, madzi n'kumadutsa mu iliyonse motsatizana. Ofika kunyumba ndi okhawo amene ndowa yaing'ono inakwanitsa kusunga. Mukalengeza K2,000,000 pa laputopu yakale imene pamsika ingagulidwe K400,000, mulandira zosapyola K400,000, ndipo ndalama yowonjezera imene munalipira yapita pachabe. Mukalengeza K100,000 pa laputopu yatsopano ya K1,200,000, mulandira zosapyola K100,000 ngakhale lisiti la ku shopu lili m'manja.

Nanga kabokosiko mukakasiya kopanda kanthu? Pamenepo pamagwira malire a kampani a katundu wosalengezedwa okha. Makampani amawerengera malirewa mosiyanasiyana: ena amaika ndalama yokhazikika pa phukusi lililonse, ena amawerengera pa kilogalamu, ena amachulukitsa kangapo ndalama imene munalipira potumiza. Njira zonsezi zili ndi khalidwe limodzi, siziyang'ana kuti mkati munali chiyani. Katoni ya makilogalamu awiri ya usipa ndi katoni ya makilogalamu awiri ya mafoni zimaoneka chimodzimodzi kwa iwo.

## Chifukwa chiyani pali malire?

Mtengo wotumizira umawerengedwa potengera kulemera, kukula kwa phukusi ndi kutalika kwa ulendo. Kampani imene yalandira ndalama yochepa kuti inyamule katoni yomata siidziwa ngati yasenza mabuku kapena zida za ndalama zogulira galimoto. Ikanati izilipira mtengo wonse wa chilichonse chosowa, bwenzi ikukweza mtengo kwa aliyense, kuphatikizapo gogo amene akungotumiza ufa kwa mdzukulu wake wa ku sukulu. Malire amapangitsa kuti wotumiza zinthu zodula anene poyera ndi kulipira chowonjezera, kampani nayo idziwe katoni yofunika kuisamala mwapadera. Kumbali ina, ogula amadandaula kuti mfundozi nthawi zambiri sizifotokozedwa pa kauntala, zimalembedwa m'Chingerezi cha maloya, ndipo munthu amazidziwa zinthu zitavuta kale. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo yomveka, ndipo pa milandu ya mtundu umenewu funso lalikulu limakhala lakuti kodi wotumiza anadziwitsidwa za malirewo asanamalize mgwirizano. Koma dziwani kuti pepala limene munasayina limakumangani ngakhale simunaliwerenge.

Pali kanthu kena kofunika kukamvetsa. Kulipira chowonjezera pa mtengo wolengeza si chimodzimodzi ndi kugula inshulansi. Kulengeza mtengo kumangokweza denga la zimene kampani ingalipire ngati kulakwa kuli kwake. Ngati galimoto yakokoloka ndi madzi osefukira kapena yalandidwa ndi achifwamba panjira, mfundo za makampani ambiri zimati zimenezo ndi zopyola mphamvu zawo, ndipo akhoza kukana kulipira. Inshulansi ya katundu wa paulendo ndi imene imafika pa ngozi zoterezi, malinga ndi zimene zalembedwa mu pepala lake la mgwirizano lotchedwa polise. Choncho kalaliki akanena kuti "onjezerani pang'ono kuti katundu atetezedwe," funso loyenera ndi lakuti: ndalamayi ikukweza malire anu, kapena ndi inshulansi? Ngati ndi inshulansi, ya kampani iti, ndipo pepala lake lili kuti?

## Mafoni asanu ndi limodzi opita ku Mzuzu

Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Manambala ake ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, ndipo kampani iliyonse ili ndi mitengo yakeyake.

Bambo wina wa shopu ya mafoni mu tauni yakale ya Lilongwe akutumiza mafoni asanu ndi limodzi kwa kasitomala wa ku Mzuzu. Foni iliyonse anaiwoda pa K250,000, ndiye kuti katoni yonse ndi ya K1,500,000. Akugulitsa iliyonse pa K300,000. Tiyerekeze kuti kampani imalipiritsa K2 pa K100 iliyonse ya mtengo wolengeza, ndipo kwa osalengeza malire ake ndi K50,000 pa phukusi. Atamva zimenezi bamboyo akuwerengera mumtima kuti kulengeza zonse kumudyera K30,000, ndiye akuuza kalaliki kuti, "Lembani K300,000, achemwali." Akulipira K6,000 yokha, wapulumutsa K24,000.

Katoni ikufika ku Mzuzu mawa lake. Tepi ya pansi yamatidwa kawiri, ndipo mkati muli mafoni anayi. Awiri kulibe. Bamboyo wataya katundu wa K500,000.

Iye akuyembekezera kuti poti analengeza K300,000, alandira K300,000 imeneyo. Koma mtengo umene analengeza unali wa katoni yonse ya mafoni asanu ndi limodzi, kutanthauza kuti ndi pakamwa pake ananena kuti foni iliyonse ndi ya K50,000. Asowa awiri mwa asanu ndi limodzi, gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo gawo limodzi mwa atatu la K300,000 ndi K100,000. Kawerengedwe aka kogawa molingana ndi kofala kwambiri mu inshulansi ya katundu, ndipo ndi kamene kamawawa anthu ochepetsa mtengo, chifukwa kamagwira ngakhale pamene zotayika ndi zochepa kuposa zimene analengeza. Pofuna kupulumutsa K24,000, bamboyo wasenza yekha K400,000.

Akanapanda kulengeza chilichonse, akanalandira zosapyola K50,000. Akanalengeza K1,500,000 yonse n'kulipira K30,000, akanayenera kulandira K500,000 ya mafoni awiriwo, kuchotsapo kagawo kamene mapolise ena amati mwini katundu asenze yekha pa dandaulo lililonse. Onani kuti ngakhale pamenepa si K600,000. K100,000 ya phindu limene akanapeza pogulitsa, makampani ambiri saiwerengera. Sawerengeranso kasitomala amene wakwiya n'kusiya kugula, tenda imene yaphonyeka chifukwa mapepala anachedwa, kapena ndalama ya basi yopita ku Mzuzu kukaona katoni. Zimenezi zimatchedwa zotayika zotsatira, ndipo pafupifupi weyibilu iliyonse imazikana.

Ngakhale K100,000 ija siibwera yokha. Kampani idzafunsa kuti, tidziwa bwanji kuti munali mafoni asanu ndi limodzi? Apa ndi pamene zinthu zing'onozing'ono za tsiku lotumiza zimapulumutsa munthu. Ngati pa weyibilu panalembedwa kuti "mafoni 6" ndi mtundu wake, m'malo mwa "katundu" kapena "zamagetsi", nkhani yayamba bwino. Ngati anajambula katoni ili yotsegula pa kauntala, kenako ili yomata pa sikelo manambala akuoneka, ndiye kuti ali ndi kulemera kwa pa chiyambi. Wolandira ku Mzuzu akapempha kuti katoniyo iikidwenso pa sikelo asanachoke mu ofesi, kusiyana kwa kulemera kumalankhula kokha. Foni yatsopano ndi bokosi lake ndi yolemera mokwanira kuti sikelo ya pa kauntala ione kuti awiri achokamo. Komanso foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI, imene imalembedwa pa bokosi ndipo imaoneka mukaimba izi pa foniyo:

```
*#06#
```

Wotumiza amene analemba manambalawa asanamate katoni angathe kunena ndendende mafoni amene asowa, ndipo apolisi amakhala ndi poyambira.

## Katundu wochokera kunja

Ambiri mu Lilongwe amalandira katundu kuchokera kwa abale a ku Joni kapena ku Ulaya, kapena amawoda zinthu pa intaneti n'kudzera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Pa katundu wodutsa malire a mayiko pa ndege, denga silichokera ku kampani yokha, limachokeranso ku mapangano a mayiko. Lodziwika kwambiri ndi pangano la ku Montreal la chaka cha 1999, limene limagwira ntchito ngati dziko lochokera ndi dziko lopita onse analivomereza. Pamene siligwira, kawirikawiri pamagwira pangano lakale la ku Warsaw la 1929, lomwenso limawerengera pa kilogalamu. Makampani akuluakulu a kuriya amalemba malire a mtundu womwewu mu mfundo zawo.

Pangano la ku Montreal limayeza ndalama ndi muyeso wa bungwe la IMF wotchedwa SDR. Si ndalama yogwirika m'manja, ndi muyeso wopangidwa posakaniza ndalama zisanu: dola ya ku America, yuro, yuwani ya ku China, yeni ya ku Japan ndi paundi ya ku Britain. SDR imodzi imaposa dola imodzi pang'ono. Malire a katundu anayamba pa SDR 17 pa kilogalamu, anakwera kufika pa 19 mu 2009, pa 22 mu 2019, ndipo kuyambira pa 28 Disembala 2024 ali pa SDR 26.

Tengani laputopu yatsopano imene pamodzi ndi katoni yake ikulemera makilogalamu atatu. Popanda kulengeza mtengo wapadera, malire ake ndi 3 kuchulukitsa ndi 26, zomwe ndi SDR 78, pafupifupi madola 100. Laputopuyo mwina inagulidwa madola 900. Lamulo lowerengera pa kilogalamu limakomera katundu wolemera wotsika mtengo, ndipo limapweteka wopepuka wodula: mafoni, mawotchi, mankhwala, tizida ta makina. Panganoli limalola wotumiza kulengeza mtengo wapadera popereka katundu ndi kulipira chowonjezera, ndipo akatero denga limakwera kufika pa mtengo umenewo.

Katundu wa pa positi ali ndi malamulo ake a bungwe la mapositi a dziko lonse la UPU, limene Malawi ndi membala wake. Phukusi wamba likasowa, malire ndi SDR 40 pa phukusi kuphatikiza SDR 4.50 pa kilogalamu iliyonse, ndipo ndalama yotumizira imabwezedwa. Laputopu yomwe ija ikanadzera pa positi, malire akanakhala SDR 53.50. Kalata yolembetsa ikasowa, malire ndi SDR 30. Nthawi yofunsira ndi miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pamene katundu anatumizidwa.

Msampha waukulu pa katundu wakunja ndi wakuti pali mitengo iwiri yolengeza. Wina ndi wa a kasitomu, umene bungwe la MRA limayambirapo powerengera msonkho. Wina ndi wa ulendo, umene umakweza denga la kampani yonyamula. Kulemba madola 900 pa pepala la kasitomu sikutanthauza kuti mwagula chitetezo cha madola 900. Chimenecho chimafuna kupempha ndi kulipira padera. Koma mbali inayo imaluma: m'bale akalemba kuti ndi "mphatso ya madola 50" pofuna kuti msonkho uchepe, kupatula kuti ndi kulakwira malamulo a msonkho, kampani idzagwiritsa ntchito pepala lomwelo pokana kulipira zoposa madola 50.

## Mphindi zisanu za wolandira

Madandaulo ambiri a katundu wosweka amafera pa siginecha ya wolandira. Wa njinga yamoto wafika pa geti, ali pa changu, akupereka pepala kapena foni kuti musayine. Mawu amene mukusayinira nthawi zambiri amati katundu walandiridwa ali bwino. Mukatsegula madzulo n'kupeza sikirini ya wailesi ya kanema yang'aluka, kampani idzanena kuti inasweka ili m'nyumba mwanu, ndipo umboni wake ndi dzina lanu lomwe.

Musanasayine, tembenuzani katoni mbali zonse zisanu ndi imodzi, makamaka pansi. Yang'anani ngodya zophwanyika, mabowo, madontho a madzi kapena mafuta, ndi tepi ya mtundu wina yomatidwa pamwamba pa yoyamba. Igwedezeni pang'ono mumve ngati muli zogubuduka. Mukaona chokayikitsa, jambulani katoniyo isanatsegulidwe, weyibilu ikuoneka, ndipo tsegulani wobweretsayo ali pomwepo. Pa pepala losayina lembani zimene mwaona m'mawu achindunji, monga "ngodya ya kumanzere yaphwanyika, sikirini yang'aluka" kapena "tepi ya pansi yamatidwa kawiri, mafoni 4 m'malo mwa 6", ndi tsiku ndi nthawi. Mawu ongoti "sindinaone mkati" sathandiza kwenikweni. Wobweretsa akakana kudikira, lembaninso zimenezo.

Musataye kanthu. Katoni, tepi, zotchinjiriza za mkati, ngakhale zidutswa za galasi, zonse zisungidwe mpaka nkhani itatha, chifukwa kampani ili ndi ufulu wotumiza munthu kudzaziona. Musapite nacho chinthucho kwa amisiri kuti achikonze kampani isanachione. Chimene mungachite ndi kupempha mmisiri alembe mtengo wokonzera pa pepala la chidindo.

Ngati kuwonongeka kwaoneka mutasayina kale, dandaulo silinafe, koma lafooka, ndipo tsiku lililonse lodikira likulifooketsa. Lembani uthenga tsiku lomwelo.

## Kupereka dandaulo

Choyamba, dziwani woyenera kudandaula. Mgwirizano uli pakati pa kampani ndi amene anatumiza n'kulipira, choncho makampani ambiri amalandira dandaulo kuchokera kwa iyeyo. Wolandira akafuna kutsata yekha, amafunika kalata yochokera kwa wotumiza yomupatsa mphamvu. Ngati munagula chinthu kwa wamalonda ndipo ndi iye anasankha kuriya n'kulipira, yambani ndi wamalondayo, iye akalimbane ndi kampani imene anaituma.

Chachiwiri ndi nthawi, ndipo apa palibe chifundo. Pansi pa pangano la ku Montreal, dandaulo la katundu wowonongeka liyenera kulembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lolandira, la kuchedwa pasanathe masiku 21, ndipo mlandu ku khoti uyenera kuyamba pasanathe zaka ziwiri. Makampani amaikanso masiku awoawo mu mfundo zawo, ndipo ena amayamba kuwerenga kuchokera tsiku limene analandira katundu kwa wotumiza, osati tsiku limene inu munazindikira kuti wasowa. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Amaimba foni, amauzidwa kuti "tikufufuza, bwana, mutipatse sabata imodzi", sabata imasanduka mwezi, ndipo pofika polemba kalata masiku adutsa. Kuimba foni kapena kukalankhula pa kauntala sikuwerengedwa ngati dandaulo. Lembani pomwe kufufuzako kukuchitika. Katundu akapezeka, kalata yanu sinawononge kanthu.

Kalatayo isakhale yaitali, ndipo mkwiyo musauikemo. Itchule nambala ya weyibilu, tsiku ndi ofesi imene munatumizira, zimene zinali mkati ndi kuchuluka kwake, chimene chachitika, ndalama yeniyeni imene mukufuna ndi mmene mwaiwerengera, ndi tsiku limene mukuyembekezera yankho lolembedwa. Bambo wa mafoni uja angalembe kuti pa katoni ya mafoni 6 afika 4, asowa awiri a manambala a IMEI akutiakuti, aliyense wogulidwa pa K250,000 malinga ndi lisiti, ndipo akupempha K500,000 pamodzi ndi gawo la ndalama yotumizira. Palibe cholakwika kupempha zonse zimene mwataya. Kampani ndiyo ionetse mfundo imene ikuchepetsera. Phatikizani makope a weyibilu, lisiti logulira katundu, zithunzi, pepala la mmisiri ngati ndi zosweka, ndi lipoti la apolisi ngati zikuoneka kuti ndi kuba. Mapepala enieni asachoke m'manja mwanu. Pitani ndi makope awiri a kalatayo, imodzi aidinde ndi kulemba tsiku, mubwerere nayo. Mukatumiza pa imelo kapena pa uthenga wa pa foni, sungani chithunzi chosonyeza tsiku.

Lisiti logulira likasowa, monga zimakhalira ndi katundu wogula pa msika, umboni wina ungathandize: uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money wosonyeza malipiro, sitetimenti ya ku banki, macheza a pa foni pamene munagwirizana mtengo, kapena mtengo wolembedwa wa chinthu chofanana nacho ku shopu. Pa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, yembekezerani kuti achotsapo za kutha kwake. Firiji ya zaka zinayi saiwerengera mtengo wa yatsopano. Pa chinthu chotheka kukonzedwa amalipira mtengo wokonzera, ndipo akalipira mtengo wonse angathe kutenga chowonongekacho.

## Zifukwa zimene amakanira

Chifukwa chofala kwambiri pa katundu wosweka ndi kupakira kosakwanira. Katoni ikafika yosaphwanyika kunja koma chamkati chitasweka, kampani imanena kuti vuto ndi la wopakira, ndipo nthawi zambiri imapambana. Katoni ya sopo yogwiritsidwa kale ntchito, yofewa ndi chinyezi, singapirire kusanjikidwa pansi pa katundu wina mu lole yodutsa mabampu a mu msewu wa M1. Chinthu chosweka chimafuna katoni yolimba ya makoma awiri, zotchinjiriza zokhuthala pafupifupi masentimita asanu mbali zonse, ndipo chisagwedezeke mkati. Kulemba pa katoni kuti ndi zosweka sikulowa m'malo mwa kupakira bwino. Ngati kampani ili ndi ntchito yopakira yolipiritsa, pa chinthu chodula ndi bwino kuigwiritsa ntchito ndi kuonetsetsa kuti zalembedwa pa lisiti, chifukwa pamenepo sangakunenezeni za kapakiridwe.

Chifukwa china ndi mtundu wa katundu. Ndalama za kashi, ndolo ndi mikanda ya golide, ziphaso ndi mapasipoti, zakudya zowola msanga, ndi zamadzimadzi kawirikawiri zili pa mndandanda wa zoletsedwa kapena zonyamulidwa popanda kampani kusenza udindo. Munthu amene wabisa K200,000 m'thumba la jekete mkati mwa phukusi sadzaiona ikasowa, ngakhale atalengeza mtengo waukulu bwanji. Pa mapepala ngati satifiketi ya sukulu, chimene angalipire ndi ndalama yopezera ina basi. Chenjeraninso ndi chidindo chonena kuti katundu wanyamulidwa pa chiopsezo cha mwini wake, chimene makalaliki ena amadinda pa magalasi ndi zamagetsi. Mukachiona, funsani tanthauzo lake musanalipire, popeza chingafafanize chitetezo chimene mukuganiza kuti mwagula.

Mawu awiri okhudza kupatsira kondakitala wa basi kapena dalaivala wa minibasi pa depoti: ndi njira yachangu ndi yotchipa, koma popanda weyibilu palibe kulemera kolembedwa, palibe mtengo wolengeza, ndipo mwini galimoto angakane kuti sanalandire katundu aliyense. Chotsala ndi nambala ya galimoto, nambala ya foni ndi mboni.

## Kampani ikakana kapena ikangokhala chete

Pemphani kuti kukanako kulembedwe, ndipo atchule mfundo yeniyeni imene akuimirapo. Fananizani mfundoyo ndi pepala limene munapatsidwa tsiku lotumiza. Ngati malire amene akutchula sanali pa weyibilu, sanali pa khoma, ndipo palibe anakuuzani, imeneyo ndi mfundo yanu yamphamvu. Ngati anali pamenepo ndipo munasayina, mkangano wanu usamukire pa kawerengedwe: kodi atenga kulemera koyenera, kodi abweza ndalama yotumizira, kodi chowonjezera chimene munalipira achiwerengera? Akakupatsani ndalama yochepa pamodzi ndi pepala loti musayine, liwerengeni bwino. Likanena kuti malipirowo atseka nkhani yonse, mukasayina simungadzafunenso zotsala.

Kunja kwa kampani kuli makomo angapo. Ntchito za positi ndi kuriya m'Malawi zimayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA pansi pa lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016, ndipo ndi lomwe limapereka malaisensi kwa makampaniwa ndi kulandira madandaulo a makasitomala awo. Bungwe la CFTC, limene likulu lake lili mu Lilongwe momwemuno, limaona madandaulo a ogula pa nkhani za malonda opanda chilungamo, monga kusauzidwa zoona za ntchito imene mwalipira. Ngati mkangano uli ndi kampani ya inshulansi, woyang'anira wake ali ku Banki Yaikulu ya Malawi. Konseku adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku kampaniyo, n'chifukwa chake kope ija ya chidindo ndi yofunika. Khoti la majisitireti ndi khomo lina, ndipo musanapiteko werengerani ndalama ndi masiku amene mlandu udye poyerekeza ndi zimene mungapeze. Pa katundu wa pa ndege kumbukirani kuti kudandaula ku mabungwewa sikuimitsa zaka ziwiri zija. Zimapitirira kuwerengedwa kuchokera tsiku limene katundu anafika kapena limene anayenera kufika.